Anthu atatu akadina, uthenga wapambana kale?

Wamalonda akalipira Facebook kuti ionetse anthu katundu wake, tsiku loyamba foni sichoka m'manja. Amatsegula Ads Manager pafupipafupi kuona manambala awiri. Yoyamba ndi Impressions, kutanthauza kuti uthenga wake waonekera kangati pamafoni a anthu. Yachiwiri ndi Link clicks, kuchuluka kwa odina kuti afike pa WhatsApp kapena patsamba lake. Mukagawa nambala yachiwiri ndi yoyamba mumapeza CTR, yomwe imanena kuti pa maulendo 100 aliwonse amene uthenga waonekera, wadinidwa kangati. Vuto lili pa CTR ya uthenga watsopano. Imaoneka ngati nambala yodalirika, ili ndi kadontho ndi chizindikiro cha peresenti, pomwe kumbuyo kwake kuli zala zitatu zokha.

Tiyerekeze mayi wogulitsa nsapato amene wakhala akutsatsa kwa miyezi ingapo. Mauthenga ake onse akawaphatikiza, anthu amadina kawiri pa maulendo 100, ndiye kuti 2 peresenti. Uthenga wake wakale umene umachita bwino waonekera maulendo 5,000 ndipo wadinidwa maulendo 150, yomwe ndi 3 peresenti. Lolemba waika zithunzi ziwiri zatsopano. Pofika masana, chilichonse chaonekera maulendo 50. Cha nsapato zofiira chadinidwa katatu, ndipo foni ikulemba 6 peresenti. Cha nsapato zakuda sichinakhudzidwe ndi munthu aliyense: ziro. Mtima umanena msanga kuti zimitsa chakudacho, chepetsa ndalama pa uthenga wakale, zonse uponye pa zofiira. Zinthu zitatu zonsezi n'zolakwika, ndipo masamu ake si ovuta.

Tiyambe ndi chithunzi chosadinidwacho. Uthenga wamba, wa 2 peresenti, ukaonekera maulendo 50 timayembekezera kuti udinidwa kamodzi kokha. Koma mwayi suyenda mwa mzere. Masamu a mwayi amaonetsa kuti pa mauthenga 100 otere, pafupifupi 36 sangadinidwe n'kamodzi komwe m'maulendo 50 oyambawo. Ndiye kuti uthenga umodzi mwa atatu alionse wabwinobwino umayamba ndi ziro. Akatswiri a ziwerengero ali ndi lamulo losavuta kukumbukira pa nkhani ya ziroyi, lotchedwa lamulo la zitatu: ngati chinthu sichinachitike n'komwe m'maulendo amene mwayesa, gawani 3 ndi maulendowo, ndipo yankho ndi malire apamwamba a pomwe mlingo weniweni ungafike. Kwa nsapato zakuda, 3 kugawa ndi 50 ndi 6 peresenti. Uthenga umene mayiyo akufuna kuzimitsa ukhoza kukhala wabwino kuposa wakale uja. Ziro imayamba kulankhula zoona uthenga ukaonekera maulendo ngati 300, chifukwa pamenepo malire aja amatsikira pa 1 peresenti, theka la mlingo wake wanthawi zonse.

Nsapato zofiira nazo sizinatsimikize kanthu. Uthenga wamba womwe uja wa 2 peresenti umatha kudinidwa katatu kapena kuposa m'maulendo 50, ndipo zimachitika pafupifupi kasanu ndi katatu pa 100. Zikumveka zosowa, koma amene amayesa zithunzi khumi nthawi imodzi ali ndi mwayi woposa theka woti chimodzi mwa izo chionetsa nambala yotereyi mwangozi chabe. Chimenecho ndi chomwe diso limathamangira. Pali njira imene Edwin Wilson anafalitsa mu 1927 yowerengera malire a nambala zazing'ono chonchi, ndipo pa kudina kutatu mwa maulendo 50 imati mlingo weniweni uli penapake pakati pa 2 ndi 16 peresenti. Mpata wotakata chotero sungakhale maziko osunthira ndalama za mwezi wonse.

Nanga achite chiyani, popeza bizinezi singaime kudikira masamu? Makampani akuluakulu otsatsa pa intaneti amakumana ndi vuto lomweli pa uthenga uliwonse watsopano, ndipo njira imodzi yodziwika bwino ndi kukokera nambala yatsopanoyo ku zimene mukudziwa kale. Musanaike uthenga, simuli mumdima: mukudziwa kuti mauthenga anu amazungulira pa 2 peresenti. Choncho uthenga uliwonse mumaupatsa mbiri yongobwereka, ngati kuti unaonekera kale maulendo 200 n'kudinidwa kanayi, kenako mumaonjezapo manambala ake enieni. Mu Excel kapena Google Sheets, ngati kuonekera kuli pa A2 ndipo kudina kuli pa B2, mumalemba:

```
=(B2+4)/(A2+200)
```

Nsapato zofiira tsopano zili pa 7 kugawa ndi 250, yomwe ndi 2.8 peresenti, osati 6. Zakuda zili pa 4 kugawa ndi 250, yomwe ndi 1.6 peresenti, osati ziro. Uthenga wakale uli pa 154 kugawa ndi 5,200, ndipo sunasunthe kwenikweni: udakali pafupi ndi 3 peresenti, ndipo udakali patsogolo. Ubwino wa njirayi ndi womwewo. Uthenga wokhala ndi umboni wambiri sumva kukoka, pomwe wa umboni wochepa umabwezedwa pafupi ndi anzake mpaka utadzionetsa. Nsapato zofiira zikafika maulendo 1,000 zili ndi kudina 45, fomyula yomweyi ipereka 49 kugawa ndi 1,200, kuposa pang'ono 4 peresenti, ndipo apo mayi uja akhoza kuyamba kuonjezera ndalama ndi mtima m'malo.

Nambala 200 ija sinatsike kumwamba. Ndi chiweruzo cha mwini malonda. Ngati mauthenga anu akale amafanana kwambiri pa kachitidwe kake, ikwezeni, chifukwa watsopanonso mwina safika patali. Ngati ena amachita bwino katatu kuposa anzawo, itsitseni kufika pa 100 ndipo 4 uja akhale 2. Chachikulu n'chakuti mbiri yobwerekayo ichokere ku mauthenga ofanana nawo. Mlingo wa nsapato za ana m'sabata yotsegulira sukulu sungakhale muyeso wa nsapato za ukwati mu Febuluwale.

Pali kalingaliro kena kothandiza kudziwa kuti kudikira kuthe liti. Kugwedezeka kwa nambala kumadalira kuchuluka kwa kudina, osati kwa masiku. Kudina kukakhala 4, mwayi wokha umatha kuonjezera kapena kuchotsapo 2, theka lathunthu. Kukakhala 25 umasuntha ndi 5, ndipo kukakhala 100 umasuntha ndi 10, gawo limodzi mwa magawo khumi. Pa mlingo wa 2 peresenti, kudina 100 kumafuna kuti uthenga uonekere maulendo 5,000. Ndiye chifukwa chake munthu wa ndalama zochepa amapindula akamayesa zithunzi ziwiri zosiyana kwambiri m'malo mwa zisanu ndi chimodzi zongosiyana mtundu wa zilembo. Kusiyana kwakung'ono sadzakuona ndalama zisanathe.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi nambala imodzi yolumpha anzake. Tinene kuti kumapeto kwa sabata anthu asanu ndi awiri agula kudzera pa uthenga wa nsapato zofiira. Asanu ndi mmodzi alipira K12,000, K15,000, K15,000, K18,000, K20,000 ndi K22,000. Wachisanu ndi chiwiri waoda nsapato za operekeza ukwati onse, K250,000. Avereji ikuti wogula aliyense amasiya ndalama zoposa K50,000, pomwe asanu ndi mmodzi mwa iwo sanafike ndi theka lomwe la ndalamazo. Mayi uja akakhulupirira avereji, avomera kulipira zambiri pa kudina kulikonse, akuyembekezera ukwati sabata iliyonse. Akandandalika ndalamazo kuyambira yaing'ono n'kutenga yapakati penipeni, imene Excel imapereka ndi MEDIAN, apeza K18,000, ndipo ameneyo ndiye kasitomala wake wa tsiku ndi tsiku.

Ena angati ingofufutani waukwatiyo. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa ndalama zake zinalowadi m'thumba, ndipo nthawi zina ogula oterewa ndiwo amanyamula phindu la mwezi. Chanzeru ndi kumudulira denga. Musanaone zotsatira, ikani malire, mwachitsanzo K40,000, ndipo oda iliyonse yoposa apo muiwerenge ngati K40,000 poyerekeza mauthenga. Avereji ya asanu ndi awiriwo itsikira pafupi ndi K20,000. Oda yaikuluyo ilembeni padera, ndipo mufunse mwini wake kuti anakudziwani bwanji. Akati anaona chithunzicho pa foni, n'kubweranso wina wa ukwati mwezi wamawa, ndiye kuti uthengawo ukukopa gulu la anthu loyenera uthenga wakewake. Akati anamva kwa mlamu wanu, ndalamazo sizikukhudzana ndi kutsatsaku n'komwe.

Kudina nakonso kumakhala ndi zolumpha zake, ndipo izi zimafuna maso musanagwire masamu. Mu Ads Manager muli Clicks (all) ndi Link clicks, ndipo si chinthu chimodzi. Yoyambayo imaphatikiza amene anangokulitsa chithunzi, anadina dzina la tsamba kapena anaika Like. Ambiri amasangalala ndi nambala yaikuluyo pomwe pa WhatsApp pali zii. Kenako pali abale. Uthenga ukangotuluka, mwini wake amautumiza ku gulu la banja ndi la kumpingo, ndipo achemwali atatu amadina posonyeza chikondi. Pa uthenga woti wadinidwa maulendo 500, atatuwo samveka. Pa woti wadinidwa kasanu, ndiwo oposa theka la CTR yonse. Batani la Breakdown limalola kugawa zotsatira potengera nthawi, zaka za anthu ndi malo amene uthenga unaonekera. Mukaona kudina konse kwaunjikana mu ola limodzi, kapena kwachokera ku Audience Network, komwe uthenga umaonekera mkati mwa magemu ndi maapu ena ndipo chala chimaphonya mosavuta, yerekezani ndi anthu amene analembadi uthenga pa WhatsApp. Kudina 20 kopanda moni ndi mmodzi yemwe kukuuzani kuti anthuwo sankafuna nsapato. Koma samalani ndi Breakdown yomweyo: kudina 10 mukakugawa m'magulu asanu a zaka, gulu lililonse latsala ndi awiri, ndipo mwabwerera ku vuto loyamba lija.

Makina a Meta nawonso amavutika ndi kuchepa kwa manambala, n'chifukwa chake pa kutsatsa kwatsopano amalemba Learning. Kampaniyo imati pamafunika zotsatira pafupifupi 50 m'sabata imodzi kuti kaonetsedwe kakhazikike, ndipo kusintha kwakukulu, monga chithunzi kapena gulu la anthu ofikiridwa, kumayambitsanso kuwerengako. Munthawi imeneyi makina amaonetsa uthenga kwa anthu osiyanasiyana pofufuza oyenera, kotero manambala a Lolemba ndi a Lachinayi sachokera ku gulu limodzi. Mayi wa nsapato akasintha chithunzi Lolemba masana chifukwa cha ziro ija, wataya maulendo 50 amene analipira kale, ndipo Lachiwiri ayambiranso pa ziro ina. Chomuyenera ndi kupatula kagawo ka ndalama zake kuti zithunzi zatsopano zonse ziwiri zionekere mofanana, zambiri zikhale pa uthenga wakale, ndipo alemberetu papepala kuti sagamula chakuda chisanaonekere maulendo 300, ndiponso chofiira chisanadinidwe maulendo osachepera 25.