Mawu awiri a Chilatini amene angakudyereni ndalama

Pangano lililonse lolembedwa ndi loya, kaya ndi la ntchito, la lendi ya nyumba, la ngongole kapena la inshuwalansi, limakhala m'Chingelezi chovuta kale. Mkati mwa Chingelezicho mumabisalanso timawu tina tolembedwa mopendeketsa, timene si Chingelezi n'komwe: bona fide, pro rata, ab initio, inter alia. Ambiri tikafika pamenepa timangolumpha, n'kuthamangira pa mzere wosainira, poganiza kuti ndi zokometsera chabe za anthu ophunzira malamulo. Timawu tina n'topepukadi. Inter alia amangotanthauza "mwa zina", ndipo ab initio ndi "kuchokera pachiyambi penipeni". Koma pro rata ndi bona fide ali ndi mano. Oyambawo amagamula kuchuluka kwa ndalama zimene mulandire, enawo amagamula ngati katundu amene munagula akhale wanu kapena mulandidwe.

Chilatinichi chinatipeza kudzera ku Mangalande. Makhoti akumeneko anachigwiritsa ntchito kwa zaka mazana ambiri, ndipo lamulo la atsamunda la mu 1902 litabweretsa malamulo a Angelezi m'dziko muno, mawuwo anabwera nawo limodzi. N'chifukwa chake mpaka lero oweruza a kuno amatha kuunika zigamulo zakale za ku Mangalande pofuna kumasulira pangano losainidwa ku Limbe kapena ku Mzuzu.

Tiyambe ndi pro rata, popeza ndi amene timakumana naye mwezi ndi mwezi. Tanthauzo lake ndi "molingana ndi gawo lake": wagwira theka la nthawi, ulandire theka la malipiro. Zimamveka zachilungamo, ndipo n'zachilungamodi. Vuto ndi lakuti mawuwa pa okha sanena kuti gawolo liwerengedwa bwanji, ndipo mikangano yambiri imabadwira pamenepo.

Tiyerekeze kuti mayi wina walembedwa ntchito ya ukalaliki pa malipiro a K330,000 pamwezi, ndipo amagwira Lolemba mpaka Lachisanu. Mweziwo uli ndi masiku 30, unayamba Lolemba, ndipo iye wayamba ntchito Lolemba la pa 22. Kalata yake ikuti malipiro a mwezi woyamba adzaperekedwa pro rata. Wowerengera ndalama wina agawa K330,000 ndi masiku onse 30, apeza K11,000 patsiku. Kuchokera pa 22 kufika pa 30 ndi masiku 9, choncho mayiyo alandira K99,000. Wowerengera wina agawa ndi masiku ogwira ntchito okha, amene m'mwezi umenewu alipo 22, apeza K15,000 patsiku. Mayiyo wagwira masiku 7, ndiye kuti alandira K105,000. Onse awiri atsatira pro rata, palibe wanama, koma akusiyana ndi K6,000.

Choipa chenicheni chimachitika pamene njira ziwirizi zasakanizidwa. Munthu akagawa ndi masiku 30 koma n'kuchulukitsa ndi masiku 7 ogwira ntchito okha, mayi uja alandira K77,000. Kumeneko si kuwerenga pro rata ayi, ndi kumudula munthu. Njira yodziwira ndi yosavuta: masiku a pamwamba ndi a pansi ayenera kukhala a mtundu umodzi. Ngati Loweruka ndi Lamulungu awerengedwa pogawa, awerengedwenso pochulukitsa. Zimenezi zimagwiranso ntchito pa lendi, mukalowa m'nyumba mwezi uli pakati, komanso pa tchuthi. Lamulo la ntchito la mu 2000 limapereka masiku osachepera 18 a tchuthi pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Wa masiku 18 uja akagwira miyezi 8, gawo lake pro rata ndi masiku 12.

Kumene pro rata amapweteka kwambiri ndi ku inshuwalansi ya nyumba ndi katundu. Mapangano ambiri amtunduwu amakhala ndi ndime yonena kuti ngati mwatchula mtengo wochepa poyerekeza ndi mtengo weniweni wa katundu, kampani idzalipira gawo lolingana ndi zimene munatchulazo. Tinene kuti katundu wa m'sitolo yanu ndi wa K40 miliyoni, koma inu, pofuna kuchepetsa ndalama zolipira pachaka kapena chifukwa simunasinthe mtengo kwacha itagwa, munalembetsa K30 miliyoni. Moto wabuka n'kuwononga katundu wa K8 miliyoni. Mungaganize kuti K8 miliyoni ndi yochepa poyerekeza ndi K30 miliyoni, ndiye kampani ilipira yonse. Si choncho. Kampaniyo iona kuti munateteza magawo atatu mwa anayi a katundu wanu, ndiye ilipira magawo atatu mwa anayi a chimene chawonongeka, K6 miliyoni. K2 miliyoni yotsalayo ndi yanu. M'dziko limene mitengo imakwera chaka chilichonse ngati lathu lino, munthu amagwa mumsampha umenewu asanachite chinyengo chilichonse, kungoiwala kukweza mtengo polipira chaka chatsopano.

Pali chitetezo chimodzi chimene makhoti amapereka, nachonso cha dzina la Chilatini, contra proferentem: mawu a pangano akakhala ndi matanthauzo awiri, khoti limatha kutsata tanthauzo losakomera amene analemba panganolo. Koma musadalire zimenezi kwambiri, chifukwa zimathandiza pokhapo pamene mawuwo ndi osamvekadi, ndipo kufika kukhoti kumadya ndalama zoposa K6,000 ija. Chanzeru n'kupempha, musanasaine, kuti pafupi ndi pro rata alembepo kuti agawa ndi masiku angati.

Bona fide ndi nkhani ya mtundu wina. Mawuwa amatanthauza kuchita chinthu ndi mtima woona, popanda chinyengo ndiponso osadziwa kuti pali cholakwika. Mumawapeza m'ndime zonena za "wogula bona fide", "ngongole ya bona fide" kapena "mkangano wa bona fide". Anthu ambiri amaganiza kuti munthu akangonena kuti "ine sindinkadziwa", basi watetezeka. Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzimvetsa bwino.

Choyamba, khoti silingalowe mumtima mwa munthu, choncho limayang'ana zimene anachita. Kodi analipira mtengo wofanana ndi wa pamsika? Anafunsa mapepala? Anagulira poyera kapena kuseri kwa nyumba usiku? Munthu amene wagula galimoto ya K15 miliyoni pa K4 miliyoni, osaona bulubuku, osafananiza nambala ya injini ndi ya pa mapepala, adzavutika kukhutiritsa woweruza kuti analibe chikayiko. Kusasamala pakokha si chinyengo, koma kutseka maso dala poopa kuona choonadi malamulo amakutenga ngati kudziwa.

Chachiwiri ndi chowawa kwambiri, ndipo ndi chimene ndimafuna aliyense wogula galimoto, njinga yamoto kapena foni yogwiritsidwa kale ntchito atachidziwa. Ngakhale mutakhala woona mtima kotheratu, lamulo lalikulu limati munthu sangapereke chimene alibe. Maloya amalitchula kuti nemo dat quod non habet. Wakuba alibe umwini pa chimene waba, choncho sangaupereke kwa inu, ngakhale mutalipira mtengo wonse n'kulandira lisiti. Mwini wake akatulukira, kawirikawiri katunduyo amabwerera kwa iye, ndipo inu mumatsala ndi ufulu wokasumira amene anakugulitsani, ngati mungamupeze. Kuona mtima kwanu kungakupulumutseni ku mlandu wolandira katundu wakuba, koma sikukupatsani katunduyo.

Nanga bona fide amathandiza pati? Amathandiza pamene wogulitsayo sanabe katunduyo koma anamupeza mwachinyengo, mwini wake n'kumupatsa ndi manja ake. Mlandu wodziwika pa nkhaniyi ndi wa Lewis ndi Averay, umene khoti la apilo la ku Mangalande linagamula mu 1971. Lewis anatsatsa galimoto yake pa mapaundi 450. Kunabwera munthu amene anadzionetsa ngati Richard Greene, katswiri wa mafilimu wotchuka panthawiyo, ndipo anaonetsa chiphaso cholowera kumalo ojambulira mafilimu a Pinewood. Lewis anakhulupirira, analandira cheke n'kupereka galimoto. Chekecho chinali chachabechabe. Pamene zimenezi zinkadziwika n'kuti tambwaliyo atagulitsa kale galimotoyo kwa Averay pa mapaundi 200, iye n'kuzimiririka. Anthu awiri osalakwa anatsala akulimbirana galimoto imodzi.

Khoti linapatsa Averay. Maganizo ake anali akuti Lewis anachita pangano ndi munthu amene anaima pamaso pake, ngakhale munthuyo ananama dzina. Pangano lotere limakhala lamoyo kufikira wonamizidwayo atalithetsa. Popeza Averay anagula ndi mtima woona Lewis asanalithetse, umwini unadutsa n'kufika kwa iye. Akanakhala kuti tambwaliyo anangoba galimotoyo pakhomo usiku, Averay akanaluza, ngakhale kuona mtima kwake kukanakhala komweko.

Phunziro la mlanduwu limapita mbali zonse ziwiri. Kwa wogulitsa amene wanamizidwa, nthawi ndi yofunika kwambiri: cheke chikabwerera, kapena mukazindikira kuti uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndalama zalowa unali wabodza, kanenani kupolisi tsiku lomwelo ndipo sungani umboni wa tsiku ndi ola. Pa mlandu wina wa ku Mangalande, wa munthu wotchedwa Caldwell, khoti linavomereza kuti kudziwitsa apolisi mwamsanga, tambwali atathawa, kunali kokwanira kuthetsa panganolo, ndipo amene anagula pambuyo pake sanapeze umwini. Kwa wogula, umboni wa kuona mtima umasonkhanitsidwa ndalama zisanatuluke m'thumba. Onani chiphaso cha wogulitsa ndipo dzina lake lifanane ndi la pa bulubuku. Werengani nokha nambala ya injini ndi ya chasesi. Pitani naye limodzi ku ofesi yolembetsa magalimoto kukasintha umwini, ndipo lipirani kudzera kubanki kapena pafoni kuti pakhale posonyeza. Wogulitsa akamakana chimodzi mwa izi, kapena akamakufulumizitsani kuti pali wina akudikira ndi ndalama m'manja, chikayiko chimene mwamva mumtimamo ndi chomwe loya wa mbali inayo adzakufunseni kukhoti.

M'pangano lolembedwa, yang'ananinso kuti bona fide wamangiriridwa kwa ndani. Ndime yonena kuti mwininyumba angathetse lendi akalandira "bona fide offer" yogula nyumbayo ikutanthauza kuti payenera kukhala wogula weniweni, wa ndalama zenizeni, osati mlamu wake amene wangolemba kalata kuti inu mutuluke alowetse wina wolipira zambiri. Muli ndi chifukwa chomveka chopemphera kuona kalata ya wogulayo, ndipo ndi bwino kuti ufulu woiona ulembedwe m'panganomo tsiku losaina, pamodzi ndi masiku amene mudzapatsidwe kuti musamuke.