Kupeza dzina la wophunzira ndi VLOOKUP, ndi pomwe imalepherera

VLOOKUP ndi fomula ya mu Excel yomwe imatenga nambala, kuifunafuna mu kolamu yoyamba ya tebulo kuchokera pamwamba kutsika mmunsi, ndipo ikaipeza imabweretsa zomwe zalembedwa pa mzere womwewo mu kolamu ina. Imapezekanso mu Google Sheets ndi mu LibreOffice Calc, ndipo kalembedwe kake n'kofanana. M'sukulu imafunika kwambiri kumapeto kwa teremu, pamene malikisi abwera ndi manambala a ophunzira okhaokha, mayina ali pa tsamba lina.

Tiyerekeze sukulu ya ophunzira 400. Tsamba lotchedwa Kaundula lili ndi nambala mu kolamu A, dzina mu kolamu B, kalasi mu kolamu C, kuyambira mzere 2 mpaka mzere 401. Pa tsamba la malikisi, nambala yoyamba ili mu kabokosi ka A2, ndipo dzina likufunika mu B2. Fomula yake ndi iyi:

```
=VLOOKUP(A2,Kaundula!$A$2:$C$401,2,FALSE)
```

Gawo loyamba, A2, ndi nambala yomwe ikufunidwa. Lachiwiri ndi tebulo lomwe nambalayo ifunidwemo. Lachitatu, 2, likuuza Excel kuti yankho lichokere mu kolamu yachiwiri ya tebulolo, momwe muli mayina. Kukanakhala 3, bwenzi ikubweretsa kalasi. Lachinayi, FALSE, likutanthauza kuti nambala ipezeke yofanana ndendende. Pa makompyuta ena magawowa amalekanitsidwa ndi `;` m'malo mwa `,` malingana ndi dziko lomwe kompyutayo inaikidwira. Fomula ikalembedwa kamodzi, imakokedwa kutsika mpaka pa wophunzira womaliza.

Fomulayi imalephera m'njira ziwiri zosiyana kwambiri. Nthawi zina imadziulula yokha polemba #N/A. Nthawi zina imabweretsa dzina looneka bwinobwino koma la munthu wina, ndipo njira yachiwiriyi ndiyo yoopsa, chifukwa malikisi a mwana wina amakathera pa lipoti la mnzake popanda woona.

Vuto lalikulu la mtundu umenewu limabwera gawo lachinayi likasiyidwa. Excel siidandaula, imangotenga ngati palembedwa TRUE, kutanthauza kuti nambala yeniyeni ikasowa, yoyandikana nayo chammunsi ikwanira. Tinene kuti mu kaundula muli 1045, 1046 ndi 1048, koma kalaliki pothamanga walemba 1047 m'malo mwa 1074. Fomula yokhala ndi FALSE ilemba #N/A, ndipo cholakwacho chionekera pomwepo. Yopanda FALSE ibweretsa dzina la wophunzira 1046, yemwe sizikumukhudza n'komwe. Apa manambala anali osanjidwa kuyambira yaing'ono kufika yaikulu. Akakhala osakanikirana, monga zimakhalira kaundula akasanjidwa potsata mayina, zinthu zimaipiratu: pofuna yoyandikana, Excel siyang'ana mzere uliwonse, imadula mndandanda pakati mobwerezabwereza pokhulupirira kuti ndi wosanjidwa, choncho ngakhale nambala yomwe ilimo ikhoza kubweretsa dzina lolakwika. TRUE ali ndi ntchito yake, monga kusandutsa malikisi kukhala magiredi, pomwe 67 iyenera kugwera m'gulu loyambira pa 65. Koma pa nambala ya munthu palibe kuyandikana komwe kuli ndi tanthauzo.

Nambala yolembedwa kawiri imanamizanso mwakachetechete. VLOOKUP imaima pa yoyamba yomwe yaipeza ndipo siiona zotsatira. Wophunzira wobwera mochedwa akapatsidwa nambala yomwe ili kale ndi mwini wake, dzina lake silidzatuluka, malikisi ake onse azioneka pa dzina la woyambayo. Kaundula ayenera kuunikidwa ntchito isanayambe, polemba fomula iyi mu D2 ya Kaundula ndi kuikoka kutsika:

```
=COUNTIF($A$2:$A$401,A2)
```

Mzere uliwonse uyenera kuonetsa 1. Pomwe paoneka 2 ndi pomwe pali vuto.

Kusintha tebulo kumasokonezanso. Munthu akalowetsa kolamu yatsopano, mwina yosonyeza ngati wophunzira ndi mnyamata kapena mtsikana, pakati pa nambala ndi dzina, mayina amasunthira ku kolamu yachitatu koma fomula imakhalabe ikunena 2. Izi sizichedwa kuoneka.

Tsopano #N/A. Tanthauzo lake n'lakuti nambala sinapezeke, ndipo chosautsa n'chakuti kawirikawiri munthu amaiona ndi maso ake mu kaundula. Chifukwa chofala ndi chakuti Excel imasiyanitsa nambala yeniyeni ndi nambala yosungidwa ngati mawu. Kwa iyo, 1046 ya kuwerengera ndi 1046 ya mawu ndi zinthu ziwiri zosagwirizana. Izi zimachitika kwambiri kaundula akachokera ku pulogalamu ina pamene malikisi alembedwa ndi dzanja. Zizindikiro zake zilipo: ngati palibe anasintha maonekedwe, nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, ya mawu imatsamira kumanzere ndipo nthawi zambiri imakhala ndi kachizindikiro kobiriwira pa ngodya. Fomula `=ISNUMBER(A2)` imathetsa kukayika, chifukwa imayankha TRUE kapena FALSE.

Manambala oyamba ndi ziro amagwera mu msampha womwewu. Munthu akalemba 0347, Excel imachotsa ziro n'kusunga 347, pamene kaundula wasunga 0347 ngati mawu. Pamenepa nambala yofunidwayo imabwezeredwa ziro wake mkati mwa fomula:

```
=VLOOKUP(TEXT(A2,"0000"),Kaundula!$A$2:$C$401,2,FALSE)
```

Njira yokhalitsa ndi kusankha Text pa kolamu ya manambala m'masamba onse awiri asanalembedwe, popeza nambala ya wophunzira siiphatikizidwa kapena kuchotseredwa.

Palinso mpata wosaoneka wotsalira kumapeto kwa nambala. `=LEN(A2)` imawerenga zilembo, ndipo ikanena 5 pa nambala ya zilembo zinayi, mpatawo ulipo. TRIM imauchotsa. Siichotsa mpata wa mtundu wina womwe umabwera ndi zokopedwa pa intaneti. Umenewo umachoka ndi `=SUBSTITUTE(A2,CHAR(160),"")`.

Zizindikiro za `$` mu fomula zili ndi ntchito yomanga tebulo kuti lisasunthe. Zikasowa, fomula yokokedwa imatsika nalo tebulo: pa mzere 3 limakhala A3:C402, pofika mzere 100 lasanduka A100:C499, ndipo ophunzira onse a pamwamba pa mzere 100 mu kaundula sakufunidwanso. Vutoli limadziwika ndi maonekedwe ake, mayina abwinobwino kumtunda, #N/A akuchulukirachulukira kumunsi. Tebulo lomangidwa lili ndi malire akenso: wophunzira wowonjezeredwa pa mzere 402 ali kunja kwake. Kulemba `Kaundula!$A:$C` kumatenga makolamu athunthu.

Ambiri amakonda kuphimba #N/A ndi IFERROR kuti tsamba lioneke laudongo. Kutero kusanafufuzidwe chifukwa chake n'kubisa ophunzira omwe malikisi awo alibe mwini. Ngati pafunika kuphimba, pakhale mawu ooneka monga "Palibe", osati kabokosi kopanda kanthu.

Malire otsiriza ali m'kapangidwe ka VLOOKUP: imafunafuna mu kolamu yoyamba ya tebulo n'kubweretsa za kumanja kokha. Kaundula wambiri amayamba ndi dzina mu A, nambala mu B, ndipo pamenepo fomulayi siingabwerere kumanzere. Makolamu akhoza kusinthanitsidwa, kapena kugwiritsa ntchito INDEX ndi MATCH, zomwe zimagwira mu Excel yakale ndi yatsopano yomwe:

```
=INDEX(Kaundula!$A$2:$A$401,MATCH(A2,Kaundula!$B$2:$B$401,0))
```

Ziro wa kumapetoyo akugwira ntchito ya FALSE. Excel 2021 ndi Microsoft 365 zili ndi XLOOKUP, yomwe imayang'ana mbali zonse ndipo imafuna nambala yofanana ndendende popanda kuuzidwa, koma fayilo yotere ikatsegulidwa mu Excel 2016 kapena 2019 fomulayo siigwira ntchito.