Mano awiri ogwedera mofanana, chithandizo chosiyana

Tiyerekeze kuti anthu awiri afika kwa dokotala wa mano tsiku limodzi. Wina ndi bambo wa zaka 32, wina ndi gogo wa zaka 68. Onse akudandaula zofanana: nkhama zimatuluka magazi akamatsuka m'kamwa, m'kamwa mumanunkha, ndipo dzino lina lotafunira layamba kugwedera. Ekisire ikuonetsa kuti pa dzino loonongeka kwambirilo, fupa logwira muzu ladyeka ndi 40 peresenti mwa onse awiri. Munthu angaganize kuti awiriwa alandira chithandizo chimodzimodzi, koma dokotala wodziwa ntchito yake ada nkhawa kwambiri ndi wamng'onoyo.

Matendawa ambiri timangowatcha chiseyeye, koma pali kusiyana. Nkhama zikangotupa ndi kutuluka magazi fupa lili bwinobwino, zimachira litsiro likachotsedwa. Koma tizilombo ta m'litsiro lomata m'mbali mwa mano tikakhalitsa, thupi polimbana nato limawononganso timinyewa ndi fupa zomwe zimagwira dzino. Apa ndiye pali matenda omwe achipatala amati periyodontaitisi. Dzino limakhala ngati mzati womwe madzi akokolola dothi lake: mzatiwo sunawole, koma ulibe pogwira. Fupa lotayikalo kawirikawiri silimeranso lokha.

Mu Novembala 2017, akatswiri a matenda a nkhama a ku America, ku Ulaya ndi maiko ena adakumana ku Chicago n'kugwirizana njira yatsopano yogawira matendawa, yomwe idasindikizidwa mu 2018. Njirayi imafunsa mafunso awiri. Loyamba, matenda afika pati? Yankho lake ndi siteji, kuyambira 1 mpaka 4. Lachiwiri, akuthamanga bwanji? Yankho lake ndi giredi A, B kapena C.

Pofuna siteji, dokotala amatenga kachitsulo kowonda kolembedwa mamilimita n'kukalowetsa pang'onopang'ono pakati pa dzino ndi nkhama, malo 6 pa dzino lililonse. Nkhama yabwino imalola kachitsuloko kulowa mamilimita osapitirira 3. Chomwe amafuna kwenikweni ndi kudziwa kuti pogwira pa dzino pasuntha bwanji kuchoka pomwe muzu umayambira. Pakasuntha milimita 1 kapena 2, ndi siteji 1. Pa mamilimita 3 kapena 4 ndi siteji 2, ndipo m'masiteji awiriwa palibe dzino lomwe laguluka ndi matendawa. Kuyambira mamilimita 5 talowa mu siteji 3, pomwe fupa ladyeka kufika chapakati pa muzu, mathumba a m'nkhama afika mamilimita 6 kapena kuposa, ndipo mano osapitirira 4 akhoza kukhala atapita kale. Siteji 4 ndi pamene mano 5 kapena kuposa atha ndi matendawa, kapena otsalawo akugwedera kwambiri ndi kutayana moti munthu akulephera kutafuna.

Odwala athu awiri onse ali pa siteji 3. Kusiyana kwawo kuli pa giredi. Pakadakhala ekisire yakale, dokotala akadangoyerekeza: fupa likapanda kusintha m'zaka 5 ndi giredi A, likadyeka mosafika mamilimita 2 ndi B, likafika kapena kuposa pamenepo ndi C. Koma ndi angati amene amasunga ekisire ya mano ya zaka zisanu zapitazo? Choncho pali kasamu kakang'ono: peresenti ya fupa lotayika pa dzino loipitsitsa, kugawa ndi zaka za wodwala. Yankho losafika 0.25 ndi A, kuyambira 0.25 mpaka 1.0 ndi B, loposa 1.0 ndi C.

Kwa gogo uja, 40 kugawa ndi 68 ikupereka pafupifupi 0.59, ndiye ndi giredi B. Fupa lawo ladyeka pang'onopang'ono m'zaka zambiri. Kwa bambo wachinyamatayo, 40 kugawa ndi 32 ndi 1.25, giredi C. Wataya fupa lofanana ndi la gogo asanafike ngakhale theka la zaka zawo, ndipo zikapitirira chonchi mano ambiri adzamuthera akadali ndi mphamvu zake.

Fodya ndi shuga zimakwezanso giredi. Wosuta ndudu 10 kapena kuposa pa tsiku amaikidwa pa C, chimodzimodzi wodwala shuga yemwe mlingo wake wa magazi wotchedwa HbA1c wafika 7 peresenti. Fodya ali ndi chinyengo chake: amafinya timitsempha ta m'nkhama, choncho wosuta satuluka magazi ambiri ndipo amaona ngati ali bwino pamene fupa likutha. N'chifukwa chake kachitsulo kaja n'kofunika kuposa kungoyang'ana ndi maso.

Chithandizo chimayamba mofanana kwa aliyense, ndipo sichiyambira pa mpeni. Wodwala amaphunzitsidwa kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi kuyeretsa mipata ya pakati pa mano yomwe mswachi sufika, dokotala amachotsa litsiro louma la pamwamba, ndipo nkhani ya fodya ndi shuga imakambidwa mosabisa. Kenako amapala mizu pansi pa nkhama, nthawi zambiri atabaya jakisoni wa dzanzi. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu amayezanso. Chomwe amayembekezera n'chakuti pasapezeke thumba loposa mamilimita 4 lotuluka magazi, ndiponso pasakhale lofika mamilimita 6. Pa siteji 1 ndi 2 nkhani nthawi zambiri imathera pamenepa.

Pa siteji 3 mathumba ena amakanika. Osazama kwambiri amapalidwanso, koma otsala pa mamilimita 6 kapena kuposa angafune opaleshoni yotsegula nkhama kuti muzu uoneke bwino ndi kuyeretsedwa. Pamene fupa ladyeka ngati kadzenje kopapatiza m'mbali mwa muzu, katswiri akhoza kuyesa kulibwezeretsa. Opaleshoni yotere sichitidwa kwa munthu amene sanayambe kutsuka bwino, chifukwa matenda amabwerera msanga. Pa siteji 4 ntchito imakula: pali kumanga mano ogwedera pamodzi, kuwongola otayana, ndi kuika mano ena kuti munthu athe kudya, koma zonsezi zimadikira kuti kutupa kuyambe kwazizira.

Gogo athu mwina angofuna kupalidwa bwino ndi kusamalira dzino limodzi lovutalo, kenako n'kumabwera kudzaonedwa pa nthawi yomwe dokotala waika. Nthawiyi imakhala pakati pa miyezi 3 ndi 12, malinga ndi chiopsezo cha munthu. Bambo wa giredi C ayenera kuyezedwa shuga ngati sanayezetsepo, kufunsidwa za fodya ndi za abale ake omwe adataya mano msanga, ndi kumabwera pafupipafupi, mwina miyezi itatu iliyonse. Ngati matenda ake agwira mano 30 peresenti kapena kuposa, iye ndi mmodzi mwa ochepa omwe dokotala angawaganizire mankhwala opha tizilombo pamodzi ndi kupala mizu. Ndimadandaula ndikaona anthu akugula makapisozi pamsika kuti athetse chiseyeye. Kutupa kungachepe kwa masiku angapo, koma litsiro lomata pa muzu limatsala pomwepo, ndipo tizilombo timayamba kusamva mankhwala.

Siteji nthawi zambiri sitsika ngakhale chithandizo chitayenda bwino, chifukwa imawerengera zomwe zidatayika kale. Giredi ndiyo ingaunikidwenso, munthu akasiya fodya, shuga wake akakhazikika, ndipo miyezo ya zaka zotsatira ikaonetsa kuti fupa laleka kudyeka. Mukapita kwa dokotala wa mano nkhama zikutuluka magazi, pemphani kuti ayeze mathumba a mano onse, osati logwedera lokha, ndipo akulembereni siteji ndi giredi m'buku lanu lachipatala kuti wodzakuonani ulendo wina adzakhale ndi poyerekezera.