Yankho likaphonya pa mayeso a ntchito: zomwe uthenga wachidule ungakonze

Munthu akatuluka m'chipinda cha mayeso a ntchito, omwe ambiri amangoti intavyu, nthawi zambiri amazindikira ali kale panjira kuti funso lina waliyankha mokhota. Yankho loyenera amalidziwa ndithu, koma mantha kapena Chingerezi chamupotoza lilime. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka, komabe pa nkhani iyi pali kampata kochepa. Uthenga wachidule wopita kwa olemba ntchito utha kuwongola tanthauzo la yankho limodzi, malinga utumizidwe msanga, ufike kwa munthu woyenera ndipo usapemphe chifundo.

Choyamba kudziwa n'chakuti si olemba ntchito onse amene ali ndi mpata wolandira uthenga wotere. Pa boma la Nkhata Bay, lomwe lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda wa Mzuzu, olemba ntchito ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la boma, monga khonsolo, chipatala cha boma ndi sukulu. Gulu lachiwiri ndi la eni ake: malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja monga a ku Chikale, mabungwe omwe si aboma, masitolo, komanso minda ikuluikulu ya m'bomali monga wa labala wa Vizara ndi wa tiyi wa Kawalazi.

Ntchito zambiri za boma zimadzera ku mabungwe olemba anthu monga Civil Service Commission, lomwe lidakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko lino a 1994, Local Government Service Commission ndi Health Service Commission. Pa mayeso otere, aliyense mwa ofunsa amakhala ndi pepala lomwe amalembapo mamalikisi munthu akamayankha kapena akangotuluka. Tsiku likamatha mapepala aja amakhala atasayinidwa, ndipo uthenga wobwera pambuyo sungasinthe chiwerengero chilichonse. Choopsa kwambiri n'chakuti kulembera mmodzi mwa ofunsawo pa foni yake kumaoneka ngati kunyengerera kuseri, zomwe zitha kuchotsetsa munthu pamndandanda. Mabungwe akuluakulu omwe si aboma nawonso amatsata njira yofanana, ndipo ena amalemba m'chidziwitso cha ntchito kuti wonyengerera aliyense sadzaganiziridwa. Kumeneko nzeru ndi kukhala chete.

Zinthu n'zosiyana pa malo ogona alendo, pa sitolo kapena pa bungwe laling'ono. Wofunsa mafunso kawirikawiri amakhala mwini wake kapena manijala, ndipo ndi iye yemweyo amene adzasankhe. Sawerengetsa mamalikisi, koma amalingalira kwa tsiku limodzi kapena masiku angapo za anthu awiri kapena atatu omwe amukhutiritsa. Pa nthawi yolingalirayi ndi pomwe uthenga uli ndi ntchito.

Chachiwiri ndi kuona mtundu wa cholakwikacho. Uthenga umathandiza pamene munthu amadziwa ntchito koma mawu ake apereka chithunzi cholakwika, kapena pamene watchula chaka kaya chiwerengero chosiyana ndi chomwe chili m'makalata ake. Suthandiza pamene munthu sadadziwe yankho n'komwe. Amene wapita kukafufuza pa intaneti n'kutumiza yankho lopsa bwino ngati lake amadziwika msanga, chifukwa wofunsa amakumbukira kuti maola atatu apitawo munthu yemweyo amangoyang'ana kudenga. Komanso chibwibwi, thukuta ndi kunjenjemera kwa mawu sizifuna uthenga. Ofunsa adazizolowera, ndipo kuzitchula n'kuwakumbutsa zomwe akadaiwala.

Tiyerekeze mtsikana wa dipuloma ya zowerengera ndalama amene wayesedwa Lachiwiri m'mawa pa malo ena ogona alendo ku Nkhata Bay, pa ntchito yolandira alendo ndi kusunga ndalama za tsiku. Manijala wamufunsa kuti: "Madzulo mwawerenga ndalama ndipo mwapeza kuti zaperewera ndi K15,000. Mungatani?" Iye, pofuna kuonetsa kukhulupirika, wayankha kuti angabwezeretse ndalamayo kuchokera m'thumba mwake. Manijala wangogwedeza mutu n'kupita ku funso lina.

Yankholi limamveka laulemu, koma kwa wodziwa mabuku a ndalama ndi lodetsa nkhawa. Tinene kuti malisiti a tsikulo akuonetsa K420,000. Buku likuti K285,000 idalipiridwa pamanja, pomwe K135,000 idadzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. M'kabati mwapezeka K270,000 yokha. Chifukwa chimodzi chofala n'chakuti mlendo wina adalipira K15,000 pa foni, koma wolemba adaiika pa mzere wa ndalama zapamanja. Zikatero foni ya pamalopo imaonetsa K150,000 m'malo mwa K135,000, ndipo palibe tambala yomwe yasowa. Wosunga ndalama akathamangira kuponyamo yake, ndalama zonse zimakwana K435,000 pomwe malisiti akuti K420,000. Cholakwika chenicheni chimabisika, ndipo chimadzatulukira kumapeto kwa mwezi pomwe palibe akukumbukira za tsikulo. Kuwonjezera apo, munthu amene amakwirira kuperewera mwakachetechete sapatsa abwana mpata wodziwa ngati wina akuba.

N'chifukwa chake manijala adamva zosiyana ndi zomwe mtsikanayo amatanthauza. Iye amafuna kunena kuti sathawa udindo, koma manijala adamva kuti amabisa mavuto. Kusiyana kotereku ndi komwe uthenga wachidule ungatseke. Uthengawo utha kulembedwa motere:

"Mwaswera bwanji, bwana? Ndine amene munandiyesa lero m'ma 10 koloko m'mawa pa ntchito yolandira alendo, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha mwayi umene munandipatsa. Pa funso la K15,000 yoperewera ndinati ndingabwezeretse ndekha, koma sindinafotokoze bwino. Chomwe ndingachite n'kuwerenganso ndalama, kufananiza malisiti ndi zolipira za pa foni, kenako kukudziwitsani tsiku lomwelo ndi kulemba m'buku, kaya ndalamayo yapezeka kaya ayi. Ngati kulakwitsa kuli kwanga, ndingavomere zomwe malamulo a pamalo panu amanena. Zikomo kwambiri."

Chiganizo chilichonse mu uthengawu chili ndi ntchito yake. Kudzidziwitsa ndi ola la mayeso n'kofunika chifukwa manijala mwina waona anthu asanu ndi atatu tsikulo, ndipo nambala ya mtsikanayo sadaisunge. Pa uthenga weniweni, dzina lonse liyenera kukhalapo. Kubwereza mwachidule zomwe zidanenedwa kumaonetsa kuti wolemba sakukana mawu ake. Yankho latsopano lili ndi masitepe ooneka, osati malonjezo a khama ndi kukhulupirika. Chiganizo cha udindo chikusunga mbali yabwino ya yankho loyamba lija, kotero manijala akuona kuti ndi munthu yemweyo amene akuwongola mawu ake, osati wina womulembera.

Zomwe mulibe mu uthengawu nazo n'zofunika. Mulibe kupepesa katatu, mulibe kudandaula kuti minibasi ya ku Mzuzu idachedwa, mulibenso za ana amasiye omwe akudikira thandizo kunyumba. Zoterezi zitha kukhala zoona, koma zimasandutsa uthenga wa ntchito kukhala pempho la chifundo. Mulibe kunena kuti funso silidamveke, chifukwa kutero n'kuloza chala wofunsa. Mulibenso mawu oti "ndidzakukumbukirani" kapena lonjezo la kangachepe. Mawu otere amanunkha katangale, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, lomwe bungwe la ACB limagwiritsa ntchito, limakhudza ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani omwe.

Nthawi yotumizira ndi tsiku lomwelo, ntchito isanaweruke, kapena m'mawa wa tsiku lotsatira. Kutumiza ali pachipata kumaonetsa phuma, ndipo mawu olembedwa mtima ukugunda amakhala ndi zolakwika. Ndi bwino kudikira ola limodzi kapena awiri, kulemba papepala, kuchotsa mawu osafunika, kenako kutumiza. Pakapita masiku awiri, malo aang'ono amakhala atasankha kale. Usiku si nthawi yake, ngakhale intaneti itakhala yotsika mtengo pa nthawiyo.

Njira yotumizira ikhale yomwe olemba ntchito adagwiritsa ntchito poitana munthuyo. Ngati adaitana pa imelo, yankho lipite pa imelo yomweyo, pansi pa kalata yawo, kuti lisasochere. Ngati adaitana pa WhatsApp, uthenga wolemba ndi wololedwa, koma wa mawu ojambula ayi, chifukwa manijala sangauonetse mnzake mosavuta ndipo umakonda kutalika. Nkhata Bay ndi tauni yaing'ono pomwe anthu amadziwana, ndipo n'kosavuta kupeza nambala ya manijala kudzera kwa msuweni wogwira ntchito kukhitchini. Kuchita zimenezi kumaika msuweniyo pamavuto, komanso kumapatsa manijala funso loti nambala yake yatuluka bwanji. N'chimodzimodzi kumuimitsa pamsika kapena kudoko tsiku lofika sitima ya Ilala.

Chilankhulo chikhale chomwe chidagwiritsidwa ntchito pa mayeso. Ngati mafunso adali m'Chingerezi, uthenga ulembedwe m'Chingerezi chosavuta, cha ziganizo zifupizifupi, poti pa malo olandira alendo akunja uthengawo umakhalanso umboni wa kalembedwe ka munthuyo. Kusinthira ku Chitonga chifukwa chomva kuti manijala ndi wa ku Chintheche kutha kuoneka ngati kukumbutsana za kumudzi, pomwe nkhani ili pa ntchito.

Uthenga ukhale umodzi, pa funso limodzi. Amene aphonya mafunso atatu asankhe lomwe likukhudza mtima wa ntchitoyo: kwa wosunga ndalama ndi la ndalama, kwa dalaivala ndi la chitetezo cha pamsewu. Kuwongola onse atatu n'kulembanso mayeso, ndipo kumamuuza manijala kuti zolakwika zidali zambiri kuposa zomwe iye adaona.

Pali malo amodzi pomwe ngakhale woyesedwa ndi bungwe lalikulu ayenera kulemba. Ngati adanena kuti adagwira ntchito kwinakwake kuyambira 2019 pomwe kalata ya umboni ikuti 2021, kusiyanako kutha kudzaoneka ngati bodza akamadzafufuza mbiri yake. Apo akonze chakacho m'ziganizo ziwiri, polembera ofesi yoona za ogwira ntchito kapena mlembi wa mayeso pa adilesi yomwe ili m'kalata yomuitana, osati kwa wofunsa aliyense payekha, ndipo asapemphe kuti mamalikisi asinthidwe.

Uthenga ukapita, chotsala ndi kudikira. Timizere tiwiri tabuluu popanda yankho sititanthauza kukanidwa, chifukwa manijala wosamala sayankha mmodzi mwa opikisana asanasankhe. Akayankha kuti "zikomo, talandira", yankho lina silifunika. Kufunsa za zotsatira kudikire mpaka tsiku lomwe adalonjeza litadutsa. Ndipo ngati mtsikana uja aitanidwanso, akonzekere funso la K15,000 lija, chifukwa manijala atha kulibweretsanso ndi ziwerengero zina pofuna kuona ngati zomwe zidali mu uthenga zimachokeradi m'mutu mwake.