Chifuwa chachikulu: kupeza bwino si kuchira

Tiyerekeze ndi bambo wina wa kabaza. Chifuwa chinamuyamba ngati chimfine wamba, iye n'kumati ndi fumbi la mumsewu. Anagula mapilitsi pagolosale, anatafuna jinja, anamwa madzi a mandimu, koma masabata atatu anatha akutsokomolabe. Usiku ankadzuka malaya ali nyowe ndi thukuta ngakhale kunja kukuzizira, ndipo madzulo aliwonse thupi linkatentha. Nsima ankangoigwira mbali imodzi, lamba wa buluku anachita kumuboola pena. Achibale ena anayamba kunong'ona za tsempho, ena za kulodzedwa. Anadula nkhani ndi mkazi wake, amene m'mawa wina anaona timagazi m'makhololo: "Bambo, lero njinga ikhale, tiyeni kuchipatala."

Zimene zinamuchitikira bamboyu ndizo zizindikiro zenizeni za chifuwa chachikulu cha m'mapapo: kutsokomola kwa masabata awiri kapena kupitirira, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kusafuna chakudya ndi kuonda. Ena amamvanso kupweteka m'chifuwa ndi phuma. Magazi m'makhololo saoneka kwa aliyense, ndipo kudikira kuti aoneke ndiko kuchedwa kumene. Munthu amene ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi asawerenge n'komwe masabata: chifuwa cha masiku ochepa, kapena chizindikiro chimodzi chokha mwa izi, n'chokwanira kuti akayezedwe.

Matendawa amayamba ndi tizilombo timene Robert Koch wa ku Jeremani analengeza kuti watipeza pa 24 Malichi 1882. Timayenda mumpweya wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula, ndipo timatha kukhala nthawi yaitali m'chipinda chotseka mawindo. Sitiyenda m'mbale, m'kapu kapena popatsana moni wa m'manja. Kumusankhira wodwala ziwiya zake sikuteteza aliyense. Chimene chimateteza ndi kutsekula mawindo, kutseka pakamwa potsokomola, ndi kuyamba mankhwala msanga.

Kuchipatala, bambo uja anapatsidwa kabotolo kapulasitiki. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amalavuliramo malovu. Malovu amachokera m'kamwa, pamene tizilombo tili m'mapapo. Kachitidwe koyenera n'kotere: tulukani panja pomwe palibe anthu, chukuchani m'kamwa ndi madzi, kokani mpweya mwamphamvu kawiri kapena katatu, kenako tsokomolani kuchokera pansi pa chifuwa mpaka chituluke chikhololo cholimba, chonanda. Muyezo wa sipuni yaing'ono ya tiyi ndi wokwanira. Tsekani kabotolo zolimba, sambani m'manja, ndipo kaperekeni tsiku lomwelo. Makhololo a m'mawa, munthu asanadye, ndiwo amatuluka bwino chifukwa amakhala atasonkhana usiku wonse.

Ku labotale kuli njira ziwiri. Yakale ndi yopaka makhololo pakagalasi, kuwathira utoto n'kuwayang'ana pa maikulosikopu. Njirayi imaona tizilombo pokhapokha tikakhala tochuluka zedi, masauzande angapo mu mililita imodzi ya makhololo, choncho imatha kuphonya matenda mwa ana ndi mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika. Yatsopano ndi ya makina otchedwa GeneXpert, amene amatulutsa zotsatira m'maola pafupifupi awiri, amapeza tizilombo ngakhale tili tochepa, ndiponso amanena ngati tizilomboto sitikumva mankhwala aakulu otchedwa rifampisini. Zotsatira zikati palibe kanthu koma munthu akudwalabe, asakhale pansi. Abwererenso, chifukwa dokotala angathe kuyezanso makhololo ena kapena kujambula chifuwa pa ekisire.

Bambo uja anapezeka nacho, cha mtundu womva mankhwala. Anamukweza pa sikelo, analemera makilogalamu 50, ndipo anamuuza kuti azimwa mapilitsi atatu tsiku lililonse. Chithandizochi m'Malawi n'chaulere, ndipo ndi cha miyezi 6. Miyezi iwiri yoyamba, pilitsi lililonse limakhala ndi mankhwala anayi: rifampisini, izoniyazidi, pirazinamayidi ndi etambutolo. Miyezi inayi yotsatira amatsala awiri oyambawo. Mkazi wake anasankhidwa kukhala womuyang'anira: kumuona akumeza, n'kuchonga pa khadi.

Patatha masabata atatu, thukuta la usiku linaleka, chifuwa chinachepa, nsima anayamba kumaliza mitanda. Mwezi wachiwiri ukutha anakwera njinga n'kubwerera pa siteji. Apa ndiye pali msampha, chifukwa mtima umati: "Ndachira, mapilitsi onsewa n'ngachiyani?"

Yankho lake mlimi aliyense amalidziwa. Ukapalira kapinga n'kungodula masamba, munda umaoneka woyera, koma mvula ikagwa mizu yotsala pansi imaphukanso. M'mapapo ndi chimodzimodzi. Mankhwala a masabata oyamba amapha tizilombo timene tikuswana mofulumira, ndipo ndi chifukwa chake munthu amapeza bwino. Koma pali tina timene timabisala m'zilonda za m'mapapo ngati tagona, timangodzuka mwa apo ndi apo, ndipo mankhwala amatigwira bwino pa nthawi imene tadzukayo. Miyezi inayi yomaliza ndi yozula mizu imeneyi. Ukaidumpha, matenda amabwerera.

Kumwa modukizadukiza kulinso ndi ngozi ina yaikulu. Pakati pa tizilombo mamiliyoni ambirimbiri pamakhala tingapo timene mwachibadwa sitimva mankhwala amodzi. Mankhwala akakhala anayi pamodzi, kopulumuka amodzi kamaphedwa ndi enawo. Koma munthu akamamwa lero n'kusiya mawa, kapena kuchepetsa mapilitsi, tolimbato timapeza mpata woswana mpaka kudzaza mapapo. Zikatero pamabadwa chifuwa chachikulu chosamva rifampisini ndi izoniyazidi. Kale chithandizo chake chinkafika zaka ziwiri, ndi jakisoni amene ena ankawagonthetsa makutu. Lero pali mankhwala akumwa okhaokha, koma ndi ovutabe m'thupi ndipo amafuna kuyezedwa pafupipafupi. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana wogona naye nyumba imodzi amatengera mtundu wosamvawo, iye asanalakwitsepo pilitsi ndi limodzi lomwe.

Anthu ambiri sasiya mankhwala mwamwano. Ena amachita mantha mkodzo ukafiira, pamene umenewo ndi utoto chabe wa rifampisini ndipo suvulaza. Kumva dzanzi kapena kutentha kumapazi kumachokera ku izoniyazidi, ndipo kuli ndi mankhwala ake, vitamini B6. Koma maso akasanduka achikasu, munthu akamasanza kosalekeza, khungu likatuluka zidzolo thupi lonse, kapena maso akayamba kuona mwachimbuuzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mowa umawonjezera katundu pa chiwindi, choncho ndi woyenera kuupewa. Amayi adziwe kuti rifampisini amafooketsa mapilitsi olera ndi njira ya pamkono, ndipo amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo auze dokotala kuti awakonzere muyezo. Wofuna kupita kumaliro akutali kapena kukagwira ntchito kwina anene pasadakhale kuti apatsidwe mankhwala okwanira kapena kalata yosamutsira. Wadumphitsa masiku asachite manyazi: abwerere msanga, chifukwa akatha miyezi iwiri osamwa ayenera kuyezedwanso n'kuyambira pachiyambi.

Bambo wa kabaza uja anaperekanso makhololo mwezi wachiwiri ukutha, kenako mwezi wachisanu, ndi wachisanu ndi chimodzi. Ana ake anayezedwanso, ndipo wamng'ono wosakwana zaka 5 anapatsidwa mankhwala oteteza. Nyonga zake zinali zitabwerera kalekale, koma khadi linatsekedwa pamene kabotolo komaliza kanatuluka kopanda tizilombo. Makhololo ndiwo ananena kuti ayambe mankhwala, ndipo ndiwonso ananena kuti wachira.