Lamulo la Chingerezi lisamayende lokha pakapepala

Mayeso a MSCE akamayandikira, ophunzira ambiri amakhala ndi kapepala kamene afinyirapo malamulo a kalembedwe ka Chingerezi. Patimapepala tambiri pamakhala mzere uwu: powonjezera -ing kapena -ed kwa mneni, bwerezani lembo lomaliza. Chitsanzo chake n'chimodzi, stop asanduka stopping, basi. Mwana woloweza zimenezi amakalemba visitting mtima uli m'malo, osadziwa kuti chamuponyetsa mwala ndi kapepala kake komwe.

Lamulolo si labodza, koma lalembedwa theka. Lembo lomaliza limabwerezedwa ngati mneniyo akutha ndi konsonanti mmodzi, ndipo konsonantiyo watsatana ndi vawelo mmodzi yekha. N'chifukwa chake plan amakhala planning, pamene rain, wa mavawelo awiri, amangokhala raining. Choncho chitsanzo chizibwera ndi mnzake, womvera lamulo apa, wosakhudzidwa nalo pambali pake. Awiri amene ine ndimawakonda ndi hopping ndi hoping. Woyambayo akuchokera kwa hop, kudumphadumpha, winayo kwa hope, kuyembekezera. Lembo limodzi lokha, tanthauzo lasintha.

Povuta penipeni ndi pa mawu a maphatikizo awiri. Apa mumabwereza pokhapokha ngati mphamvu ya liwu ikugwera paphatikizo lomaliza. Mwa begin imagwera kumapeto, ndiye beginning. Mwa visit ili koyambirira, ndiye visiting. Chimodzimodzinso prefer ndi offer: amatha mofanana, koma wina preferred, wina offered. Ife a Chichewa khutu limatinamiza pamenepa, poti mawu athu amathera pa vawelo ndipo timazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Kungolemba kuti "mverani pamene pali mphamvu" sikuthandiza mwana amene sanamvepo liwulo likutchulidwa bwino. Lembani phatikizo lamphamvulo m'zilembo zazikulu, beGIN, VISit, kuti diso ligwire ntchito imene khutu lalephera. Mukakayika, dikishonale imaika kachizindikiro posonyeza phatikizolo.

Mawu osamvera lamulo asaikidwe kuseri kwa pepala ayi, akhale mmunsi mwa lamulo lomwelo. Zilembo w, x ndi y sizibwerezedwa: snowing, fixing, playing. Kenako pali l. M'kalembedwe ka ku Britain, kamene sukulu zathu zimatsatira, travel amakhala travelling ngakhale mphamvu ili koyambirira, pamene ku America amalemba traveling. Mwana amaona zonse ziwiri pafoni, choncho kapepalako kanene poyera kalembedwe kamene kakutsatira.

Musanakapereke kwa ana, kayeseni ndi aneni khumi otola m'ndime ya nyuzipepala, muone ngati kakukufikitsani pa yankho lolondola popanda kuganizira. Pakati pawo pakhale write. Ana ambiri amalemba writting chifukwa anaonapo written. Kapepala kakhala chete pa iyeyu, onjezerani mzere wonena kuti mneni wotha ndi e wosatchulidwa amangotaya e uja, ndiye writing.