Timahedifoni tikamazimazima, musathamangire kutitaya

MANDIMBA - Timahedifoni ta m'makutu topanda waya ndi mawotchi owerenga mapazi zafika tsopano m'misika ya ku Cuamba, Mandimba ngakhalenso ku Mitande. Koma ambiri ogula sadziwa kuti m'kati mwa kachipangizo kalikonse muli pulogalamu yaing'ono yotchedwa fimuweya, imene imalamulira batire, mawu ndi kulumikizana kwake ndi foni. Kampani ikapeza cholakwika mu pulogalamuyi imatulutsa ina yatsopano, ndipo vuto ngati la kuzimazima nthawi zina limatha popanda kugula china.

Timahedifoni ndi mawotchi ambiri otere alibe simu kadi, choncho sangathe kukatenga okha pulogalamuyo pa intaneti. Foni ndiye mtumiki wake. Mitundu yambiri ili ndi apu yakeyake: timahedifoni ta Samsung timayendera Galaxy Wearable, ta Oraimo timayendera oraimo sound, pamene mawotchi a Xiaomi amayendera Mi Fitness kapena Zepp Life, imene mpaka chaka cha 2022 inkatchedwa Mi Fit.

Ulendo wa pulogalamuyi uli pawiri. Poyamba apu imafunsa kachipangizo nambala ya fimuweya imene kali nayo, n'kuiyerekeza ndi imene ili ku kampani. Ikapeza yatsopano imaikopera mu foni, ndipo apa mpamene pamadyeka mamega a Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Kenako foni imaipereka ku kachipangizo kudzera pa Bluetooth, pang'onopang'ono, m'tizidutswa. Gawo lachiwirili silidya mamega, koma ndilo lochedwa. Mwachitsanzo, pulogalamu ya mamega 2 ikamayenda makilobaiti 10 pa sekondi, pafunika masekondi 200, kupitirira mphindi zitatu, pamene kuikopa pa netiweki yabwino n'kwa kanthawi chabe.

Tiyeni tione za munthu amene ali ndi Galaxy Buds. Ayambe watchaja foni ndi timahedifoni, makamaka ngati amadalira sola ya kwa neba. Aike tonse tiwiri m'kabokosi kake, chivundikiro chili chotsegula, kabokosiko kali pambali pa foni. Atsegule Galaxy Wearable, alowe pa Earbuds settings, kenako Earbuds software update, ndipo adine Download and install. Foni yochunidwa m'Chipwitikizi imalemba mawuwa m'Chipwitikizi, koma malo ake ndi omwewo. Zikayamba, ausiye mtima m'malo. Pomaliza timahedifoni timazima n'kuyakanso tokha, ndipo nambala yatsopano imaoneka pa About earbuds. Ngati nambala sinasinthe, ntchito sinatheke.

Chifukwa choikira tonse tiwiri n'chakuti ka kumanzere ndi ka kumanja kalikonse kali ndi fimuweya yake. Kena kakalandira yatsopano kanzake katatsala pa yakale, timatha kusamvana, mawu n'kumatuluka khutu limodzi.

Zambiri zimalakwika pa gawo la Bluetooth. Mphamvu yake imafika mamita pafupifupi 10, ndipo khoma la njerwa limaichepetsa. Munthu akayambitsa ntchitoyi n'kutenga foni kupita nayo kudimba, mzere wosonyeza maperesenti umaima pomwepo. Mafoni ena amatsekanso okha apu pofuna kusunga batire, nchifukwa chake ndi bwino kuisiya yotsegula pagalasi mpaka ithe.

Kudukiza kotere sikupha chipangizo nthawi zonse. Zopangidwa bwino zimasunga pulogalamu yatsopano pambali, n'kuiyesa ngati yafika yathunthu, ndipo pokhapo mpamene zimasiya yakale. Ikafika yoperewera zimaikana, mwini wake n'kungoyambiranso. Choopsa ndi batire kutha pa mphindi imene kachipangizo kakulemba pulogalamuyo m'kati mwake, pakuti zina zotchipa sizidzukanso. Nchifukwa chake apu imakana kuyamba batire ikakhala yochepa, ndipo kukana kumeneku n'koyenera kukumvera.

A kumalire ali ndi msampha wawo. Kufupi ndi Chiponde foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Malawi, ya TNM kapena Airtel, kumene mamega a kuno sagwira. Kukopa kukaima kusanafike pa Bluetooth, choyamba kuyang'ana ndi dzina la netiweki pamwamba pa galasi.

Makamera amasiyana pang'ono. Fimuweya yake ndi yaikulu, choncho kamera ngati ya GoPro imatsegula Wi-Fi yakeyake, foni n'kuitumizira pulogalamuyo kudzera pa apu ya Quik.

Ndiye pali zachinyengo, zimene pamsika sizisowa. Timahedifoni tolembedwa dzina la kampani yotchuka koma tili tabodza kawirikawiri sitioneka mu apu yeniyeni, ngakhale tikuimba nyimbo bwinobwino. Totero sitilandira fimuweya kuchokera ku kampaniyo. Wogula amene ali kale ndi apu mu foni angathe kuyesera pomwepo, wogulitsa akuona, asanatulutse mametikali. AirPods za Apple zilibe apu yotere pa Android ngakhale zili zenizeni: zimalandira fimuweya mwa zokha zikakhala pafupi ndi iPhone, iPad kapena Mac.